Invoisi ndi pakingi lisiti: mapepala awiri, ntchito ziwiri, katundu mmodzi

Amalonda anzanga, funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anzathu amene angoyamba kutumiza katundu kumudzi pa thiraki ndi ili: "Invoisi ndili nayo kale, nanga ejenti akufuniranjinso pakingi lisiti? Si chimodzimodzi?" Ayi ndithu, si chimodzimodzi. Invoisi imayankha funso loti katunduyu ndi wa ndalama zingati. Pakingi lisiti imayankha funso loti katunduyu ali pati, walongedwa bwanji, ndipo akulemera bwanji. Mukangogwira mfundo imeneyi, zina zonse zimabwera zokha.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi dzinalo. Kwathu "lisiti" ndi kapepala kaja amatipatsa tikalipira mu shopu, ndiye munthu akamva pakingi lisiti amaganiza kuti ndi umboni woti wagula. Si choncho. Pakingi lisiti ndi mndandanda chabe wa mmene katundu wapakidwira, ndipo siyisonyeza kuti wina walipira kapena ayi.

Kuti timvane bwino, tiyerekeze katundu mmodzi wochoka ku Joni kupita ku shopu ya ku Limbe, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa boda ya Mwanza. Mitengo ndi makilo ndikutchulawa ndi ongoyerekeza, koma kalembedwe kake ndi komweko kamene ine ndimatsata.

Invoisi: pepala la ndalama

Invoisi amalemba ndi wogulitsa, kulembera wogula. Pamwamba pamakhala dzina ndi adiresi ya wogulitsa, dzina ndi adiresi ya wogula, nambala ya invoisiyo ndi tsiku. Kenako mtundu uliwonse wa katundu umakhala pa mzere wakewake, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi ndi mtengo wa zonse. Pa chitsanzo chathu mizere ndi itatu:

Mabulangete 120, limodzi R150, onse R18,000.
Nsapato mapeya 200, peya R90, zonse R18,000.
Mapoto a aluminiyamu maseti 30, seti R400, onse R12,000.

Zonse pamodzi ndi R48,000. Invoisi iyeneranso kunena kuti ndalamazo ndi za dziko liti, katundu anapangidwa kuti, komanso ngati mtengowo ukuphatikiza thiransipoti kapena ayi.

Za thiransipotizi musazione mopepuka. Ku Malawi a kasitomu a MRA sawerengera dyute pa mtengo wogulira wokha. Amawonjezerapo ndalama zonyamulira katundu ndi za inshuwalansi. Ngati thiraki mwalipira R6,000 ndipo inshuwalansi R500, masamu awo ayambira pa R54,500, osati pa R48,000. Ndiye ngati wogulitsa anaphatikiza kale thiransipoti mu mtengo koma sanalembe choncho pa invoisi, ejenti akhoza kuwonjezeranso kachiwiri, inu n'kulipira msonkho pa ndalama zimene simunawononge.

Chinanso, mtundu uliwonse wa katundu uli ndi nambala yake m'buku la kasitomu, ndipo dyute imatsata nambala imeneyo. N'chifukwa chake kulemba kuti "katundu wosiyanasiyana, R48,000" n'kudziphera nokha. Ofisala sangadziwe kuti awerengere bwanji, ndiye amatsegula n'kudziikira yekha mitundu ndi mitengo. Ngakhale kungolemba kuti "nsapato" sikukwanira kwenikweni, chifukwa za chikopa ndi za pulasitiki zili pa manambala osiyana. Lembani chimene chinthucho chili ndi chimene anapangira.

Pakingi lisiti: pepala la makatoni

Pakingi lisiti amalemba ndi amene walongedza katundu. Ngati wogulitsa wamanga yekha, amalemba iyeyo. Koma ambirife timagula kuno ndi uko n'kukamangira pa depoti kapena kunyumba, ndiye wolemba ndi ife eni ake. Apa sitiyambira pa mtundu wa katundu ngati pa invoisi, timayambira pa phukusi. Phukusi lililonse limalandira nambala, ndipo nambalayo imalembedwa ndi maka pa katoni penipenipo. Katundu yemwe uja akuoneka chonchi:

Nambala 1 mpaka 6: mabelo 6, belo lililonse mabulangete 20, makilo 52.
Nambala 7 mpaka 16: makatoni 10, katoni iliyonse nsapato mapeya 20, makilo 16.
Nambala 17 mpaka 31: makatoni 15, katoni iliyonse mapoto maseti 2, makilo 9.

Pansi mumalemba kuti mapukusi onse ndi 31, ndipo kulemera kwake ndi makilo 607. Kumeneku ndi kulemera kwa girosi, kutanthauza katundu pamodzi ndi katoni, saka ndi zomangira. Palinso kulemera kwa neti, kwa katundu yekha popanda zokutira. Ngati belo lili ndi neti ya makilo 50, katoni ya nsapato 14, ya mapoto 8, neti yonse ndi makilo 560. Wa thiraki amasamala za girosi chifukwa ndi imene galimoto yake ikunyamula, ndipo ejenti amafuna zonse ziwiri akamadzaza fomu ya kasitomu. Ngati wa thiransipoti amatchaja potengera malo amene katundu wadya, lembaniponso mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni.

Mwaona kuti mitengo palibe? N'dala. Pepala limeneli limagwidwa ndi dalaivala, anyamata okweza ndi otsitsa, komanso wa pa depoti. Onsewa akufunika kudziwa kuti makatoni alipo angati, osati kuti mwagula zingati.

Pamene mapepala awiriwa amakumana

Ngakhale ntchito zake n'zosiyana, mapepalawa akunena za katundu mmodzi, ndiye ayenera kugwirizana. Ine ndisanapereke kwa ejenti ndimachita kachulukitsa kakang'ono. Mabelo 6 kuchulukitsa ndi 20 ndi 120, invoisi ikuti 120. Makatoni 10 kuchulukitsa ndi 20 ndi 200, invoisi ikuti 200. Makatoni 15 kuchulukitsa ndi 2 ndi 30, invoisi ikuti 30. Basi, zagwirizana. Ndimaonanso kuti nambala ya invoisi yalembedwa pa pakingi lisiti, dzina la wolandira ndi limodzi pa onse awiri, ndiponso kuti mapukusi 31 ndi makilo 607 ndi zomwezo zimene wa thiraki walemba pa pepala lake lonyamulira. Thiraki imadutsa maboda angapo isanafike ku Mwanza, ndipo paliponse chiwerengero cha mapukusi chikhoza kufunsidwa.

Mavuto ambiri amabadwira apa, ndipo kawirikawiri si kuba ayi, n'kufulumira chabe. Tiyerekeze kuti mapepala mwamaliza Lachitatu, ndiye Lachinayi m'mawa mwapeza nsapato zina zotchipa, mwaponyamo makatoni awiri. Pa thiraki pali mapukusi 33, pa pepala 31. Kwa inu ndi tikatoni tiwiri basi. Kwa a kasitomu ndi mapeya 40 a R3,600 amene sanalengezedwe, ndipo katundu wosalengeza akhoza kulipiritsidwa chindapusa kapena kulandidwa. Choipa china n'choti akapeza chimodzi cholakwika, amayamba kukayikira zonse, thiraki n'kuima, anzanu amene muli nawo galimoto imodzi n'kumakutukwanani mu mtima. Mukawonjezera katundu, pezani invoisi yake, lembaninso pakingi lisiti, muuzeni ejenti asanalowetse fomu.

Vuto lachiwiri ndi muyeso. Invoisi ikuti mapoto maseti 30, koma wolongedza wawerenga poto mmodzimmodzi n'kulemba 150 chifukwa seti ili ndi mapoto 5. Katundu ndi yemweyo, koma pa pepala zikuoneka ngati mwabisa 120. Madazeni nawonso amachita chimodzimodzi. Sankhani muyeso umodzi, wa pa invoisi, ndipo pakingi lisiti itsate womwewo.

Lachitatu ndi tizinthu ta abale. Mu katoni 20 mwalowetsamo ketulo ya apongozi. Simukugulitsa, n'zoona, koma a kasitomu akatsegula aipeza. Ilembeni pa pakingi lisiti, ndipo muuzeni ejenti mtengo wake weniweni kuti nayonso ilengezedwe. Mphatso nayo ili ndi mtengo pamaso pa kasitomu.

Chifukwa chake pepala limodzi silikwanira

Pamene phindu la pakingi lisiti limaonekera bwino ndi pa nthawi yosecha. Ofisala akafuna kuona mapoto, mumamuuza kuti atsegule iliyonse kuyambira 17 mpaka 31. Akatsegula ziwiri n'kupeza zimene pepala likunena, mwayi woti akhutire msanga umakula. Popanda mndandanda, ayenera kung'amba phukusi ndi phukusi, ndipo katundu womangidwanso pa boda safika bwino.

Kwina ndi pamene katundu wasowa. Tinene kuti ku Limbe kwafika mapukusi 30, katoni 14 palibe. Pakingi lisiti ikukuuzani kuti munali nsapato mapeya 20. Invoisi ikukuuzani kuti peya ndi R90, ndiye mwataya R1,800. Mukapita kwa wa thiransipoti kapena a inshuwalansi ndi invoisi yokha, akufunsani kuti tidziwa bwanji kuti mu katoniyo munali nsapato. Mukapita ndi pakingi lisiti yokha, akufunsani mtengo. Ndi awiriwa pamodzi amene amatseka pakamwa.

Mukagula m'mashopu angapo

Ambirife sitigula pamalo amodzi. Mabulangete kwina, nsapato kwina, mapoto kwinanso. Zikatero mumakhala ndi mainvoisi atatu koma pakingi lisiti imodzi, ndipo palibe vuto. Ingowonjezerani danga pa mzere uliwonse losonyeza nambala ya invoisi imene katundu wa mu phukusilo akuchokera. Ngati katoni imodzi yasakaniza zinthu za mashopu awiri, ilembeni pa mizere iwiri ndi nambala ya katoni yomweyo.

Samalaninso ndi pepala limene wogulitsa amakupatsani musanagule, lija amati purofoma. Limeneli ndi longokuuzani mtengo, ndipo katundu akapakidwa mumafunika invoisi yeniyeni ya zimene mwatengadi. Timalisiti ta pa thilu nato timafufutika ndi kutentha, ndiponso tambiri sitikhala ndi dzina la wogula. Pemphani invoisi ya dzina lanu kapena la bizinesi yanu, ndipo muijambule pa foni tsiku lomwelo.

Pomaliza, kulemba pa invoisi kuti katundu mwagula ku Joni sikutanthauza kuti anapangidwa ku South Africa. Mabulangete opangidwa ku China amakhalabe a ku China ngakhale mwawagula ku Fordsburg. Kuchotseredwa dyute pansi pa mgwirizano wa SADC kumafuna setifiketi yakeyake yosonyeza kumene katundu anapangidwa, ndipo invoisi kapena pakingi lisiti siingalowe m'malo mwake.

Dongosolo langa ndi ili, ndipo silisintha. Ndimayamba ndasonkhanitsa mainvoisi onse. Kenako ndimamanga, kulemba nambala pa katoni ndi kuyeza pa sikelo, pakingi lisiti ndikulemba pompo katoni isanamatidwe. Ndikatero ndimachita kachulukitsa kaja. Ejenti amalandira mapepala onse awiri, dalaivala ndi wolandira katundu kumudzi ndimawapatsa pakingi lisiti, kuti thiraki ikafika awerenge 1 mpaka 31 asanasaine.