Cifukwa Cace Funde la Pacingwe Libwerera

Munthu akamanga cingwe cacitali ku tsinde la mtengo, nagwira nsonga inayo ndi dzanja, nacikunga bwino, ndi kucigwedeza kamodzi mofulumira, cinthu conga linunda la ng'ombe cithamanga pacingwepo kunka kumtengo. Cikafika kumeneko sicitha ai, koma citembenuka ndi kubwerera kudzanja, ndipo wogwirayo acimva cirikumgwedeza. Linunda lothamangalo tilicha funde, pakuti liyenda monga mafunde a pamadzi. Mnyamata wina wa m'kalasi lacisanu anafunsa mkulu wace za cinthu cimeneci, nati, "Akulu anga, mtengo ulibe manja, nanga ndani abweza fundelo?" Mkuluyo anamlembera mayankho ace papepala, ndipo zimene analembazo ndi izi zirikufotokozedwa pano.

Coyamba cimene anamuuza ndico cakuti cingwe ceni-cenico sicipita kumtengo. Anamlangiza kumanga kansanza kofiira pakati pa cingwe ndi kukapenyetsetsa. Funde likafika pamenepo kansanzako kakwera, katsikanso, nikakhala pamalo pace pomwe. Koma funde lapitirira. Ndi monga mphepo ikaomba padambo: udzu uwerama motsatana kucokera tsidya lino kufikira tsidya lija, koma palibe udzu umene wazuka kucoka pamalo pace. Cimene ciyenda pacingwe ndico kugwedezeka, pamodzi ndi mphamvu imene dzanja linaikamo.

Nanga kugwedezekako kuyenda bwanji? Cingwe ciri ngati ana ambiri oima pamzere atagwirana manja zolimba. Dzanja likakweza nsonga, gawo loyamba la cingwe likoka gawo laciwiri kunka kumwamba, laciwiri likoka lacitatu, ndi lacitatu lacinai. Gawo liri lonse licedwa pang'ono lisanayambe kukwera, cifukwa liri ndi kulemera kwace, ndipo cinthu colemera sicidzuka nthawi yomweyo. Kucedwa kumeneku ndiko kucititsa kuti funde lioneke lirikuyenda, m'malo mwakuti cingwe conse cikwere pamodzi ngati ndodo.

Tsono funde lafika pa gawo lotsiriza, pamene pali mfundo. Gawo limeneli licita monga anacitira anzace onse: likoka mnansi wace kunka kumwamba. Koma mnansi wace si cingwe ai, ndiye mtengo wokhala ndi mizu pansi, ndipo sulola kukwera. Apa mkulu uja analemba kuti, "Mphwanga, ukakankha khoma ndi cikhato, umva khoma lirikukukankha iwenso. Ukakoka mbuzi yokana kuyenda, cingwe cikupweteka m'manja, pakuti mbuziyo irikukukoka monga momwe iwe ulikuikokera." Lamulo limeneli analilemba Isaac Newton wa ku Mangalande m'buku lace la m'caka ca 1687: cinthu cikakoka cinzace, cinzaceco cicikokanso ndi mphamvu yolingana, koma kulinga kumbali ina. Motero cingwe cikakoka mtengo kunka kumwamba, mtengo ukoka cingwe kunka pansi. Kukoka kwa mtengoko kuli ngati dzanja lina logwedeza cingwe kucokera kumbali ija, ndipo funde latsopano liyamba ulendo wobwerera.

Pali cizindikiro cotsimikiza kuti mau awa ndi oona. Popeza mtengo ukokera pansi, funde lobwerera liyenera kukhala lozondoka: linapita liri linunda pamwamba pa cingwe, libwera liri cigwa pansi pace. Amene afuna kuona ici bwino agwedeze cingwe cam'mbali, osati cam'mwamba. Funde likapita liri kudzanja lamanja, adzaliona lirikubwera liri kumanzere. Ndipo wogwirayo akalimbitsa dzanja lace osaligwedeza, dzanjalo likhala ngati mtengo waciwiri: funde lizondokanso, nilibwerera kumtengo monga linaliri poyamba. Licita maulendo angapo cotero, licepera-cepera, kufikira litatha, cifukwa mphepo ndi kukhudzana kwa ulusi wa m'cingwe zidya mphamvu yace pang'ono-pang'ono.

Mng'ono uja akanatha kuganiza kuti funde lizondoka nthawi zonse, koma si cotero. Pofuna kumuonetsa, mkulu wace anamuuza kumasula cingwe kumtengo, ndi kulumikiza nsonga yace ku kacingwe kopyapyala kacitali, konga kosokera matumba, ndipo kacingweko ndiko kamangidwe kumtengo. Tsopano nsonga ya cingwe cacikulu iribe coiletsa kukwera, pakuti kacingweko nkopepuka. Funde likafika, nsongayo iponyedwa m'mwamba kupitirira msinkhu wa funde lomwe, pafupi-fupi kawiri, ndipo ikokera kumwamba gawo liri m'mbuyo mwace. Pamenepo funde libwerera liri coimirira, losazondoka.

Ndipo cingwe cikalumikizidwa ku cingwe cinzace cofanana naco m'kunenepa ndi m'kulemera, funde lingopitirira pamfundo, osabwerera, kupatula kakang'ono kobwezedwa ndi mfundoyo. Apa ndipo pagona nzeru yonse ya nkhaniyi. Funde libwerera pokha-pokha pamene lapeza kusintha panjira pace. Likapeza colemera ndi couma koposa cingwe, libwera lozondoka. Likapeza copepuka, libwera loimirira. Likapeza cofanana, lipitirira.

Liwiro la funde lidalira zinthu ziwiri: kukungika kwa cingwe ndi kulemera kwace. Cingwe cokungika kwambiri cikoka magawo ace mwamphamvu, ndipo funde lithamanga. Cingwe colemera cicedwetsa funde. Mkulu uja anapereka citsanzo ici. Pali cingwe ca khonje ca mamita 10, colemera kilogalamu imodzi. Mwana acikoka ndi mphamvu yonga imene akananyamulira nayo ndowa yolemera makilogalamu 4, ndipo pakati pace cilendewera masentimita ngati 30. Pa cingwe cotere funde liyenda mamita 20 pa sekondi imodzi. Ulendo wopita kumtengo ndi mamita 10, wobwera ndi mamita 10. Onse pamodzi ndi mamita 20. Cotero funde libwera kudzanja itapita sekondi imodzi.

Tsono akabwera ana ena kudzathandiza kukoka, kufikira kukokako kutalingana ndi makilogalamu 16, ndiko kunena kanai kuposa poyamba, liwiro silikula kanai ai, koma kawiri kokha. Funde liyenda mamita 40 pa sekondi, nilibwera patapita theka la sekondi. Kuti liwiro likule katatu pafunika kukoka kasanu ndi kanai. Cina codabwitsa ndi ici: kugwedeza ndi mphamvu yambiri kukulitsa linunda, koma sikulifulumiza kwenikweni. Funde lalikulu ndi laling'ono abwera pa nthawi yofanana, cingwe cikakhala cokungika mofanana.

Ana ambiri ayesa zimenezi nalephera, ndipo zolakwa zace ndi zitatu. Coyamba, cingwe cikakhwefuka ndi kukhudza pansi, dothi ndi udzu zidya mphamvu ya funde, ndipo lifera panjira lisanafike kumtengo. Caciwiri, cingwe cikamangidwa ku kanthambi kofewa, kanthambiko kagwedezeka ndi masamba ace, nikatenga gawo la mphamvu. Lobwera likhala lofoka ndi losaoneka bwino. Munthu azindikira colakwa cimeneci poona masamba alikunjenjemera. Cacitatu ndico kugwedeza mocedwa. Pa cingwe cija ca mamita 10, dzanja likatha theka la sekondi pokwera ndi kutsika, mutu wa funde ufika kumtengo pa nthawi yomwe dzanja liima. Linunda litalika ngati cingwe conse, ndipo lopita ndi lobwera asokonezana. Koma dzanja likakwera ndi kutsika msanga, m'gawo limodzi la magawo khumi a sekondi, linunda likhala la mamita 2 okha, ndipo maso alitsata bwino kupita ndi kubwera.

Zimenezi si masewera a ana okha. Anthu omanga mawaya a magetsi pamitengo yace ayenera kudziwa ngati waya wakungika moyenera. Waya wokungika kopambana akhoza kuduka m'nyengo yozizira, pakuti citsulo cifupika cikazizira. Waya wokhwefuka alendewera pansi m'nyengo yotentha, pakuti citsulo citalika cikatentha, ndipo akhoza kukhudza mitengo kapena magalimoto. Njira imodzi imene amisiriwo ayesera nayo waya watsopano, asanalowetsemo magetsi, ndiyo yomweyi ya cingwe. Mmodzi agwedeza waya pafupi ndi mtengo, nawerenga ndi wochi nthawi imene funde litha pobwera katatu kapena kasanu. Likabwera msanga, adziwa kuti waya wakungika. Likacedwa, adziwa kuti walendewera. Awerenga maulendo angapo cifukwa ulendo umodzi ndi waufupi, ndipo cala cikacedwa pang'ono pawochi colakwaco cikhala cacikulu. Koma mwana asayese konse kukhudza waya wa magetsi, kapena kuponyapo cingwe, ngakhale wayayo atagwa pansi, pakuti magetsi apha munthu nthawi yomweyo.

Liu lobwerera kuphiri munthu akapfuula liri pa cibale ndi funde la pacingwe: nalonso ndi kugwedezeka, koyenda mumphepo, kobwezedwa ndi thanthwe losalola kusuntha. Ndipo pa nsambo za bangwe kapena za gitala, zomangidwa ku nsonga zonse ziwiri, funde lipita ndi kubwera nthawi mazana pa sekondi imodzi. Woimba akakunga nsambo, funde lifulumira, maulendo ace acuruka, ndipo liu likwera.

MAFUNSO

1. Kansanza kofiira komangidwa pacingwe kationetsa ciani?

2. Cifukwa ninji funde lobwera kucokera kumtengo liri lozondoka?

3. Tingacite ciani kuti funde libwere loimirira?

4. Cingwe ciri ca mamita 15, ndipo funde liyenda mamita 20 pa sekondi. Lidzabwera kudzanja patapita nthawi yotani?

5. Mwana wagwedeza cingwe, koma funde silinabwere. Chulani zolakwa zitatu zimene ayenera kuyamba wazifufuza.